Amakaniko a njinga zamoto, lembani mtengo wa sevisi pakhoma

Pa Ntcheu pano, kuyambira pa boma kukafika ku Lizulu, njinga zamoto za kabaza ndizo zasanduka miyendo ya anthu. Zimanyamula aphunzitsi, odwala, matumba a mbatatesi, madengu a tomato, nthawi zina zonse pamodzi. Kumbuyo kwa njinga iliyonse kuli makaniko amene amaithira oyilo, kukunga tcheni ndi kukonza mabuleki, ndipo ntchito imeneyi amaigwira mobwerezabwereza, tsiku ndi tsiku. Chomwe chimandipweteka n'chakuti ntchito yobwerezabwereza chonchi ilibe mtengo wodziwika. Wakabaza akafunsa kuti sevisi ndi zingati, yankho limakhala lakuti, "Tione kaye, achimwene." Akamaliza kuona, amayamba kunenerera, wina kukwera wina kutsika, mpaka onse awiri amasiyana aliyense akuganiza kuti mnzake wamudyera.

Maganizo anga ndi akuti makaniko wa njinga zamoto atenge ntchito zimene amagwira mobwereza, azimange m'magulu atatu, gulu lililonse likhale ndi dzina, mtengo umodzi wosasintha, ndiponso mawu omveka onena mmene njinga idzakhalire potuluka. Zonsezi azilembe pachikwangwani pamalo poti aliyense aziwerenga. Izi si zachilendo kwa ife. Kuchigayo palibe amanenerera. Kukonola kuli ndi mtengo wake pa ndowa, kugaya kuli ndi wake, ndipo mayi amachoka kunyumba ndi ndalama yokwanira chifukwa akudziwa chomwe akukagula ndi chomwe abwere nacho. Sevisi ya njinga ingathe kuyenda chimodzimodzi, bola makaniko adziwe ntchito yoti aiike m'gulu ndi yoti aisiye kunja.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ambiri oyesa njirayi amaphonya pomwepa. Ntchito za pagalaja zili mitundu iwiri. Pali ntchito yosamalira njinga yomwe ikuyenda kale, monga kusintha oyilo, kutsuka sefa ya mpweya, kuyang'ana pulagi ndi kukunga tcheni. Iyi makaniko amadziwa poyambira ndi pothera asanagwire sipanala. Ndiye pali ntchito yofufuza matenda: injini ikugogoda, njinga ikufuka utsi, magetsi akuzima okha, giya ikulumpha. Iyi palibe angadziwe kuti itenga ola limodzi kapena masiku awiri mpaka atatsekula. Mtengo wosasintha ndi wa mtundu woyamba wokha. Makaniko amene angalembe kuti "kukonza njinga, K20,000" wadzitchera yekha msampha, chifukwa njinga zonse zovuta za m'deralo zidzathamangira kwa iye, ndipo zosavuta zidzapita kwa mnzake wonenerera.

Tiyerekeze makaniko wina pa Tsangano Turn-off amene amalandira njinga za 125cc ndi 150cc, za mtundu wa Lifan, Boxer ndi zinzake. Gulu loyamba alitche sevisi yaing'ono. Mmenemo muli kukhetsa oyilo wakale injini ikadali yofunda, kuthira watsopano wa 20W-50 pafupifupi lita imodzi, kutsuka tcheni ndi kuipaka mafuta, kuikunga kuti izigwedera masentimita awiri kapena atatu pakati pake, kuchuna mabuleki onse awiri, kupima mpweya wa matayala, ndi kumanga mabawuti omwe amamasuka ndi mabampu. Basi. Pulagi, kabuleta ndi mavalavu sazikhudza.

Mtengo wake asaupeze pofunsa kuti mnzake wa tsidya la msewu amalipiritsa zingati. Auwerengere kuchokera m'thumba lake. Manambala ndikuikawa ndi achitsanzo chabe, aliyense aikepo ake. Tinene kuti pamwezi lendi ya malo ndi K40,000, mnyamata womuthandiza amalandira K60,000, zida zotha ndi zosoweka zimadya K20,000, ndipo iye mwini akufuna kupita kunyumba ndi K240,000. Zonse pamodzi ndi K360,000. Amagwira masiku 24 pamwezi, koma pa tsiku maola amene manja ake amakhaladi panjinga ya kasitomala ndi asanu okha. Enawo amathera podikira, pokagula zipangizo ndi pocheza ndi ofunsa mitengo. Ndiye kuti pamwezi ali ndi maola 120 ogulitsa, ndipo ola lililonse liyenera kubweretsa K3,000. Ambiri amalakwitsa pogawa ndi maola onse omwe amakhala pagalaja, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akatero ola limaoneka lotchipa, ndipo mwezi ukatha ndalama ya lendi imasowa ngakhale kuti ntchito sinasowe.

Sevisi yaing'ono imatenga mphindi 30, ndiye ntchito ya manja ndi K1,500. Oyilo tinene K12,000. Girisi, palafini wotsukira ndi nsanza, K1,500. Zakwana K15,000. Apo awonjezepo gawo limodzi mwa magawo khumi, K1,500, ya njinga zomwe zidzabwerere kuti akonzenso kwaulere ndi zomwe zidzamuchedwetse. Yafika K16,500, ndipo pachikwangwani alembe K17,000.

Mphindi 30 zimenezi zisachokere m'mutu. Atenge kope, ndipo pa njinga makumi awiri zotsatizana alembe nthawi yoyambira ndi yomalizira. Adzaona kuti zambiri zikutha pa mphindi 25 kapena 30, koma ziwiri kapena zitatu zadya ola lathunthu. Zimenezo ndiye aziyang'anitsitse, chifukwa zikumuuza chimene chingaphe mtengo wake. Kawirikawiri chimakhala chinthu chimodzimodzi: bawuti yokhetsera oyilo yomwe mazinga ake anadyeka chifukwa wina anaimanga mopyola, kapena tcheni yomwe yatalika mpaka malo okungira anatha. Zinthu zoterezi siziyenera kukweza mtengo wa aliyense. Ziyenera kugwidwa pakhomo, ntchito isanayambe.

N'chifukwa chake ndimati mphindi zisanu zoyambirira ndizo zofunika kuposa sevisi yonse. Njinga ikafika, makaniko ndi mwini wake aizungulire limodzi. Ailize. Kodi yalira yokha popanda kuikankha? Kodi ikufuka utsi wabuluu, womwe umasonyeza kuti ikudya oyilo? Kodi mukumveka kugogoda? Agwire tcheni kumbuyo kwa sipuroketi ndi kuikoka. Ikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, kapena mano akakhala opindika ngati mbedza, tcheniyo yatha, ndipo kuikunga n'kunamiza munthu. Ayang'ane bawuti ya oyilo ngati ikudontha. Njinga ikapambana zonsezi, ilowe m'gulu pa mtengo wa pakhoma. Ikalephera chimodzi, makaniko anene pomwepo: "Achimwene, sevisi yaing'ono ndichita pa K17,000 monga mwaonera, koma tcheni yanuyi yatha. Sindiikunga kuti ndikunamizeni. Kusintha ndi ntchito ina, mtengo wake ndi uwu, musankhe nokha." Mawu amenewa akanenedwa sipanala isanagwire bawuti, amamveka ngati malangizo. Akanenedwa njinga itaphwasulidwa kale, amamveka ngati kuba, ngakhale atakhala oona.

Gulu lachiwiri, sevisi yapakati, likhale ndi zonse za yaing'ono, kuwonjezapo pulagi yatsopano, kutsuka sefa ya mpweya, kutsuka kabuleta, kuchuna kilachi ndi kuchuna mavalavu. Pa misewu yathu yafumbi m'chilimwe, sefa imatsekeka msanga, ndipo njinga imayamba kumwa petulo wambiri ndi kudetsa pulagi. Sefa ya siponji imatsukidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono, pomwe ya pepala sichapidwa, imasinthidwa ikatha. Makaniko alembe kuti mtengo wake ukukhudza iti. Pali kanthu kena kamene kamasokoneza nthawi: oyilo amakhetsedwa injini ili yofunda, koma mavalavu amachunidwa injini itazizira. Choncho wakabaza wofika masana injini ili moto sangatuluke pakatha ola ndi theka, ngakhale kuti ntchito ya manja ndi ola ndi theka. Pachikwangwani palembedwe kuti sevisi yapakati njinga imasiyidwa madzulo n'kutengedwa m'mawa, kapena imadikira kuti izizire. Makaniko wosalemba izi adzapezeka akuchuna mavalavu otentha chifukwa kasitomala akumuthamangitsa, ndipo njingayo idzabwerera. Powerengera monga poyamba paja, oyilo K12,000, pulagi K4,000, zotsukira K2,500 ndi manja K4,500 zikwana K23,000, ndipo ndi gawo la zobwerera lija mtengo ufika pa K26,000.

Gulu lachitatu ndi sevisi yaikulu, ya kamodzikamodzi, makamaka dzinja lisanayambe kapena litangotha. Likuwonjezera tcheni ndi masipuroketi onse awiri, zomwe zimasinthidwa pamodzi chifukwa tcheni yatsopano pa mano akale imatha msanga, komanso nsapato za mabuleki kutsogolo ndi kumbuyo. Aliyense amene anatsikapo Khwekhwelere kulowera ku Golomoti atanyamula katundu amadziwa kuti mabuleki si nkhani yonenerera. M'chitsanzo chathu gulu ili lingafike pa K76,000, ndipo ndalama yoposa K50,000 mmenemo ndi ya zipangizo zogula. Magulu atatu akwana. Akachuluka, kasitomala amasokonezeka n'kubwerera ku funso lakale lija loti mungandichitire zingati.

Tsono mndandanda wa ntchito pawokha sukwanira, chifukwa wakabaza sagula kutembenuza kwa sipanala. Amagula njinga yomwe mawa m'mamawa idzalira. Gulu lililonse likhale ndi mayeso ake omaliza, omwe mwini njinga angathe kuona ndi maso ake. Pa sevisi yaing'ono, botolo la oyilo litsekulidwe iye akuona, aone mlingo pa kamtengo kopimira, agwedeze tcheni ndi chala, ayendetse njinga pang'ono n'kuponda mabuleki. Pa yapakati, njinga ilire isanapyole kiki yachitatu injini ili yozizira, ndipo ikhale ikulira yokha kwa mphindi yathunthu popanda kuipatsa moto. M'mwezi wa Juni, ndi chisanu cha kumtunda kuno chakumalire ndi Dedza, mayeso amenewa sanama. Zipangizo zakale zomwe zachotsedwa zibwezedwe m'manja mwa mwini wake. Ndipo palembedwe kuti chilichonse cha pamndandanda chikavuta masiku asanu ndi awiri asanathe, makaniko akonzanso kwaulere.

Apa ndichenjeze. Lonjezo likhale pa zomwe zili m'manja mwa makaniko zokha. Asalonjeze kuti njinga iyenda makilomita akutiakuti pa lita, chifukwa sadziwa ngati mawa inyamula munthu mmodzi kapena matumba atatu a kabichi, ndiponso sadziwa ngati petulo wake ndi wa pa filing'i siteshoni kapena wa m'zigubu. Asalonjeze kuti njinga siwonongeka mwezi wonse. Lonjezo lotakata limakoma polilemba, koma limabala mikangano yomwe makaniko sangapambane, ndipo akakana kulikwaniritsa mbiri imafika pa siteji yonse dzuwa lisanalowe.

Ndikudziwa zomwe amakaniko ambiri anganene, ndipo zina mwa izo ndi zomveka. Choyamba n'chakuti mitengo ya zinthu m'dziko muno sikhazikika. Ndi zoona. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo oyilo, mapulagi ndi matcheni zonse zimachokera kunja. Tibwerere ku chitsanzo chija. Pa K17,000, akachotsa oyilo ndi zotsukira, makaniko amatsala ndi K3,500. Oyilo akakwera kuchoka pa K12,000 kufika pa K15,000, amatsala ndi K500 yokha, ndipo akhoza kugwira ntchito sabata ziwiri asanazindikire kuti akugwirira wogulitsa oyilo. Koma yankho lake si kufufuta mtengo. Mtengo wosasintha sutanthauza mtengo wamuyaya. Ukutanthauza kuti lero aliyense wofika alipira chimodzimodzi, ndipo akudziwa asanavomere. Chikwangwani chilembedwe ndi choko, chikhale ndi deti, ndi mawu oti mitengoyi ndi ya mwezi uno. Makaniko agule oyilo wa katoni, ndipo tsiku lomwe akugula katoni ina awerengerenso pa mtengo watsopanowo, osati pa womwe anagulira wakale. Ndiponso asalandire ndalama ya masevisi a miyezi itatu kutsogolo pokhapokha ngati oyilo wake ali kale pashelefu.

Chachiwiri amati anthu athu anazolowera kunenerera, ndipo ukakana kutsitsa amapita kwina. Ena apitadi. Koma tifunse kuti munthu amanenerera chifukwa chiyani. Amatero chifukwa akudziwa kuti mtengo woyamba ndi wongoyesera, ndipo akuopa kuti mnzake analipira zochepa dzulo. Mantha amenewa amatha akaona kuti mtengo ndi womwewo kwa mphunzitsi, kwa wapolisi ndi kwa mnyamata wa pa siteji. Wobwera ndi K14,000 asakanidwe mwamwano, komanso asapatsidwe sevisi yonse pa mtengo wotsika. Auzidwe kuti pa ndalama imeneyo atha kusinthiridwa oyilo yekha, ndipo palisiti palembedwe kuti ndi oyilo yekha, si sevisi yaing'ono. Mtengo ukatsika, ntchito nayo itsike poyera. Choopsa ndi kutsitsa mtengo kenako n'kubweza ndalamayo mobisa pothira oyilo wokayikitsa kapena podumpha zina za pamndandanda. Kunenerera kumakankhira amakaniko ambiri abwino ku mchitidwe umenewu, ndipo wovutika mapeto ake ndi wakabaza yemweyo amene ankaganiza kuti wapambana.

Nanga mlamu, nanga mwana wa amalume? Kwathu kuno sungauze m'bale wako kuti awerenge pakhoma basi, ndipo sindikunena kuti makaniko aume mtima. Amuthandize, koma achotse pa ndalama ya manja ake, osati ya oyilo, ndipo alembe m'kope kuti lero ndapereka K1,500. Mwezi ukatha adzadziwa kuti chibale chamudyera zingati, ndipo adzasankha yekha ngati angakwanitse kupitiriza.

Pali gulu lina la anthu limene amakaniko saliganizira mokwanira, pomwe ndi limene lingakonde kwambiri mtengo wolembedwa. Njinga zambiri za kabaza si za oziyendetsa. Mwini wake ndi mphunzitsi, namwino kapena wabizinesi, mwina ali ku Lilongwe kapena ku Balaka, ndipo mnyamata woyendetsa njingayo amamupatsa ndalama ya tsiku kapena ya sabata. Mnyamata akaimba foni kuti njinga ikufunika sevisi, bwanayo sadziwa ngati ndalama yomwe watchulayo ndi yoona, kapena ngati sevisiyo ichitikadi. Kukayikirana kumeneku kumachedwetsa sevisi, ndipo injini ndi imene imalipira. Makaniko wokhala ndi magulu olembedwa amathetsa vutoli mosavuta. Bwana amatumiza K26,000 pa Airtel Money kapena pa Mpamba mwachindunji kwa makaniko, ndipo amalandira pa WhatsApp chithunzi cha lisiti, cha botolo lotsekulidwa ndi cha pulagi yakale. Munthu wa njinga zitatu akapeza makaniko wotere sasunthanso. Popeza mamita a mtunda pa njinga zambiri anafa kalekale, lisitilo linene deti yobwereranso, yogwirizana ndi mmene njingayo imagwirira ntchito ndi zomwe buku lake limanena, m'malo motchula makilomita omwe palibe angawawerenge.

Pali dandaulo limodzi lomwe sindingalitsutse kotheratu. Pa mtengo umodzi, mwini njinga yosamalidwa bwino, yomwe imatha pa mphindi 20, amalipira mofanana ndi wa njinga yamatope yomwe yadya mphindi 40. Wina akulipirira mnzake pang'ono. Ndikuvomereza. Koma kusiyana kwake m'chitsanzo chathu ndi K1,000, ndipo pobweza amalandira mtengo wodziwika, mndandanda wotsimikizika ndi masiku asanu ndi awiri a chitetezo. Kusiyanako kukakula kuposa apo, ndiye kuti kuyendera kwa pakhomo kuja kukulowetsa njinga zosayenera, kapena pakufunika lamulo loti njinga ibwere yotsuka.

Makaniko adzadziwa bwanji kuti magulu ake akudwala? Kope lomwe lija limuuza. Ngati pafupifupi aliyense akugula sevisi yaing'ono kenako n'kumati "tangoonaniko pulagi, achimwene," ndipo iye akuonadi, ndiye kuti akugulitsa yapakati pa mtengo wa yaing'ono. Malire agumuka, ndipo chofunika ndi kuyankha mwaulemu kuti pulagi ili m'gulu lachiwiri. Ngati yapakati palibe akuigula, mwina kusiyana kwa zotsatira zake sikukumveka, ndipo m'malo molemba mayina a zipangizo ayambe ndi chomwe munthu amamva: njinga yovuta kuliza m'mawa, yomwa petulo wambiri. Ngati njinga zobwerera zikuposa imodzi pa khumi, gawo lija lomwe anawonjezera latha, ndipo afufuze ngati vuto ndi zipangizo zomwe akugula kapena mnyamata wake akudumpha zina. Mankhwala a chomalizachi ndi kapepala ka mndandanda komangirira pa handulo ya njinga iliyonse, mnyamata azichonga chimodzichimodzi, mwini galaja n'kusainira atayesa yekha.

Kapepala kameneka kali ndi phindu linanso lomwe limaoneka pakapita miyezi. Ntchito yomwe ili m'mutu mwa makaniko yekha imaima iye akapita kumaliro kapena kukagula zipangizo. Ntchito yolembedwa, yokhala ndi mtengo ndi mayeso ake, mnyamata wophunzira angaigwire ndi kulandira ndalama yake popanda kuimba foni kufunsa kuti awa tiwatchaje zingati. Sevisi yaing'ono ikapita m'manja mwa mnyamata, mwini galaja amatsala ndi nthawi ya injini zogogoda ndi mawaya osokonekera, ntchito zomwe zimafuna luso lake lenileni ndipo mtengo wake amautchula payekhapayekha atatsekula n'kuona. Woyamba kumene asathamangire magulu onse atatu. Alembe sevisi yaing'ono yokha, aiyendetse mwezi umodzi akulemba nthawi, zobwerera ndi mtengo wa oyilo, ndipo yapakati aiwonjezere manambala a m'kope akagwirizana ndi a pakhoma.